Mwambi wa ku Rasha wa kuyeza kasanu ndi kawiri usanadule, ndani angandimasulire bwino?

Mphwanga_wa_ku_Kazan
Abale ndithandizeni. Ndili chaka choyamba kuno ku Rasha, tikadali pa kosi ya chilankhulo. Sabata yatha ndinagula nsalu yoti ndipange katani ya chipinda chathu ku hositelo, ndinayeza windo ndi tepi, 150 sentimita kutalika, ndikudula pomwepo 150. Popachika ndi pamene ndinaona kuti yafupika kwambiri, chifukwa chitsulo chopachikapo chili pamwamba pa windo, komanso sindinasiye yopinda m'munsi ndi m'mwamba. Mayi amene amayang'anira khomo la hositelo ataiona anangopukusa mutu nkunena kuti "syem raz atmyer, adin raz atryesh". Aphunzitsi anati tanthauzo lake ndi yeza kasanu ndi kawiri, dula kamodzi, ndipo atipatsa ntchito yoti aliyense adzafotokoze m'kalasi ndi kupeza mwambi wofanana nawo wa kwawo. Funso langa ndi lakuti bwanji 7? Ine ngakhale ndikanayeza windo ija ka 7 ndikanapezabe 150 yomweyo. Ndiye mwambiwu ukuphunzitsa chiyani kwenikweni? Ndipo kwathu tili nawo wofanana?

Chimwemwe_Area25
Kuona maso a nkhono nkudekha. Basi, kalembe umenewo.

Bambo_a_Tadala
Sizofanana kwenikweni a Chimwemwe. Wa nkhono ukunena za kudikira kuti uone chinthu. Uwu ukunena za ntchito imene ukaichita siibwerera. Ine ndikanati madzi akatayika saoleka uli pafupi.

Chimwemwe_Area25
Koma wa madziwo amauuza munthu zinthu zitaonongeka kale kuti asiye kulira. Wa ku Rashawu ndi wochenjeza zisanachitike. Ndiye nanunso simunalase.

Dokotala_Wakale
Mphwanga, takulandira ku dziko lozizira. Ine ndinakhala kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri pa sukulu ndipo mwambi umenewu ndinaumva kosawerengeka, makamaka kwa madokotala a opaleshoni, iwo amaukonda pa chifukwa chodziwikiratu. Ndiyambe ndi 7 wako. Usamuwerenge ngati nambala ya masamu. Mu miyambi ya Chirasha 7 amangotanthauza kambirimbiri, ndipo umupeza paliponse. Amati anthu 7 sadikira munthu mmodzi, akamamusiya wochedwa. Amati mwana wa olera 7 amakhala wopanda womuyang'anira, kutanthauza kuti ntchito ya aliyense ilibe mwini. Munthu wosinthasintha maganizo amati ali ndi ma Lachisanu 7 pa sabata imodzi. Ndiye palibe telala wa ku Rasha amene amawerenga kuti ndayeza kachisanu ndi chimodzi, kwatsala kamodzi.

Chachiwiri chimene aphunzitsi ako angasangalale nacho ndi ichi. Mwambiwu uli ndi kanenedwe kawiri. Mayi aja anati atmyer, kuyeza nkuika malire a pamene udule. Koma ena amati primyer, ndipo mawu amenewo ndi a kuyesa chovala m'thupi, monga umapitira kwa telala kuti ukayese suti isanathe. Zikuonetsa kumene mwambiwu unachokera, ndi wa anthu osoka. Ndipo chidutswa cha nsalu chokwanira chovala chimodzi amachitcha atryez, muzu wake ndi womwewo wa kudula. Agogo ambiri kumeneko amakumbukira nthawi ya Soviet pamene nsalu yabwino inali yovuta kupeza, munthu ankasunga atryez mu kabati zaka kudikira ukwati kapena mwambo wina. Ukaiononga pocheka sukanangothamangira ku shopu kukagula ina. Mwambiwu ndi wakale kuposa Soviet, Vladimir Dal anaulemba m'buku lake la miyambi ya anthu a ku Rasha limene linatuluka mu 1862, muli miyambi yoposa 30,000.

Mphwanga_wa_ku_Kazan
Zikomo kwambiri adokotala, za primyer zo sindimadziwa. Koma funso langa lija likadalipo, kubwereza kuyeza chinthu chomwecho kukanandipulumutsa bwanji?

Anaphiri_Atelala
Sikukanakupulumutsa mwanawe, ndipo wafunsa bwino. Ine ndasoka zaka zoposa makumi awiri, mwambi wa ku Rashawo ndikuumva lero koma ntchito yake ndiye ya tsiku ndi tsiku. Iwe sunalakwitse kuwerenga tepi. Unayeza chinthu cholakwika. Katani siiyezedwa pa windo, imayezedwa kuchokera pa chitsulo chopachika kufika pamene ukufuna ithere, kenako uonjezere yopinda pamwamba ndi pansi. Kwa ine kuyeza kambiri ndi kufunsa mafunso osiyanasiyana sizasi isanakhudze nsalu.

Ndikupatse chitsanzo cha siketi wamba yowongoka ya chitenje. Mayi wabwera, m'mahipi ndamuyeza 42 inchesi. Sindidula 42. Ndimaika ina 2 yoti apumiremo, apo ayi akakhala pansi msoko umang'ambika kumbuyo, ndiye 44. Ndigawe panayi ndi 11. Kutsogolo ndimapinda nsalu pawiri nkuika 11 kuchokera popindapo, kuonjezera inchi imodzi ya msoko wa m'mbali. Kumbuyo ndi zidutswa ziwiri, chilichonse 11, inchi ya m'mbali, ndi ina ya pamene padzakhale zipi. Kutalika akufuna 26, ndiye ndionjezere 2 yopinda pansi ndi theka la inchi pamene ndidzalumikize lamba, 28 ndi theka. Onsewo ndi masamu chabe, sindinayambe kuganiza za nsaluyo.

Tsopano nsalu. Yachapidwa? Chitenje cha thonje chatsopano chimabwerera chikalowa m'madzi koyamba, ine ndaona zina zikutaya pafupifupi inchi pa yadi imodzi, ndiye ndimauza kasitomala achape kaye ndi kusita. Maluwa ake akuyang'ana kuti? Pali zitenje za mbalame kapena miphika, ukatembenuza chidutswa chimodzi kuti usunge nsalu, kutsogolo mbalame zaima, kumbuyo zazondoka. Ndipo ndisanadule chidutswa choyamba ndimajambula zonse ndi choko pa nsalu yonse, lamba yemwe, chifukwa cholakwika chimene ana anga ophunzira amachita kwambiri ndi kudula kutsogolo mosangalala kenako nkupeza kuti yotsala sikwana kumbuyo. Choko chimafufutika ndi dzanja. Sizasi ayi.

Bambo_a_Tadala
Anaphiri mwatsegula mutu wanga. Ndiye 7 yo ndi zinthu 7 zosiyana zoti uone.

Dokotala_Wakale
Anthu a ku Rasha eni ake sanena choncho, iwo amangotanthauza kuti ganiza mofatsa usanachite. Koma zimene anena Anaphiri ndi mmene mmisiri amachitiradi, sindingatsutse.

Jojo_wa_ku_Joni
Ine ndiye ndinapsa ndi telala wina kumudziko, ndinatumiza miyezo ya akazi anga pa foni kuti awasokere diresi la ukwati wa mlamu wanga, nsalu yodula ndinagula ndekha kuno, diresi litafika silinadutse ndi m'mapewa momwe. Atelala ambiri ndi osasamala basi, miyambi siingawathandize.

Anaphiri_Atelala
A Jojo pepani ndithu, koma ndifunse, munayeza ndi tepi yanji? Muli nayo pafupi? Taonani pamene palembedwa 10 ku mbali ya manambala akuluakulu, mutembenuze muone kuseri kuli masentimita angati.

Jojo_wa_ku_Joni
Ndi ija imabwera m'kabokosi ka singano ndi ulusi. Dikirani ndiifufuze.

Jojo_wa_ku_Joni
Pa 10 kuseri kwake ndi 33 ndi kanthu pang'ono.

Anaphiri_Atelala
Ndimaganiza choncho. Imeneyo si ya mainchesi achimwene. Inchi yeniyeni 10 imagwera pa 25.4 sentimita. Yanuyo ndi muyezo wa ku China, chigawo chake chimodzi ndi 3.3 sentimita, imaoneka ngati inchi koma ndi yaikulu. Mayi wa mahipi 42 inchesi, pa tepi yanuyo atuluka 32. Telala akalandira 32 nkudula 32 inchesi, ndiye kuti wadula pafupifupi 81 sentimita pamene thupi lili 107. Zinandichitikirapo kamodzi ndi kasitomala wakunja, kuyambira pamenepo munthu akanditumizira miyezo ndimamuuza ajambule tepiyo ili m'thupi, kapena atumize m'masentimita, ndipo ndimapempha chithunzi cha munthuyo. Telala wanu naye ali ndi mbali yake, akanakhala kuti akuwadziwa mayiwo akanadabwa kuti 32 yachokera kuti. Koma inu mukanayeza ka 7, ka 20, ndi tepi imeneyo, yankho likanakhala lomwelo.

Jojo_wa_ku_Joni
Eee. Zaka ziwiri ndakhala ndikumunena munthu uja. Koma akanafunsa, mayi akunyumba amawadziwa bwinobwino.

Kalipentala_Ndirande
Nkhani ya tepi yandikoka, ndilowepo. Azungu a Chingerezi ali nawo wawo woti yeza kawiri dula kamodzi ndipo ife tinauphunzira ku sukulu ya ntchito zamanja. Ine ndimati kawiri nkokwanira bola kachiwiriko uyeze mwa njira ina. Ukayeza kuchokera kumanzere, bwereza kuchokera kumanja. Pali chizolowezi chathu choyambira pa 10 sentimita m'malo moyambira ku kangowe ka tepi kuti ulondole bwino, ndiye tsiku lina umaiwala kuchotsa 10 ija, thabwa limatuluka lolakwika ndi 10 yeniyeni, ukaona cholakwika cha 10 ndendende dziwa kuti ndi chimenecho. Ndipo sowo imadya thabwa, ya makina imatha kudya mamilimita atatu pa kudula kumodzi, ndiye umadula kunja kwa mzere, mbali yotaya.

Koma chimene ndikufuna kunena ndi chakuti si zonse zofuna 7. Thabwa ndikalisiya lalitali pang'ono ndimapala ndi puleni mpaka lilowe. Galasi ndiye ayi. Galasi la windo ndimayeza felemu malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa mafelemu owotcherera sakhala owongoka, nditenge nambala yaing'ono pa zitatuzo nkuchotsanso mamilimita atatu kuti likhale ndi mpata. Ndiyezenso kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya inzake mopingasa mbali zonse ziwiri, zikasiyana ndiye kuti felemu ndi yopendekeka. Galasi likakula ndi mamilimita awiri okha kulichepetsa nkovuta, nthawi zambiri limasweka, likachepa kwambiri ndi ndalama yotayika. Ndiye nthawi yanga yoyeza ndimaiika pamene kulakwitsa kulibe mankhwala.

Mtsikana_wa_Lunzu
Ine ndimaona ngati mwambiwu ukunena za kusunga ndalama, kuti usadule bajeti usanawerenge. Kapena ndasochera?

Chimwemwe_Area25
Wasochera pang'ono koma suli kutali. Kudula kwake ndi kwa nsalu, osati kuchepetsa.

Mtsikana_wa_Lunzu
Chabwino. Koma pa ndalama ndili ndi yanga. Mwezi watha ndinatumiza fizi ya mng'ono wanga pa foni, nambala ndinaiwerenga katatu konse, koma ndimaiwerenga pa pepala limene ndinakopera molakwika. Dzina litabwera pa foni kuti nditsimikize sindinaliyang'ane nkomwe, ndinangodina. Mpaka pano ndikuyendera kuti ibwere.

Kalipentala_Ndirande
Ndi zomwe ndimanena zija mlongo. Dzina lija ndiye linali kuyeza kwachiwiri.

Wosaopa_265
Ine ndikutsutsa gulu lonse. Miyambi yotereyi ndi imene imapangitsa anthu kukalamba akuyeza. Mnzanga wina poloti anaiyendera miyezi inayi, kufunsa uku ndi uku, tsiku limene anapita ndi ndalama anapeza wina wathira kale maziko. Makolo athu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Mphwanga kauze aphunzitsi akowo kuti kwathu tili ndi yankho la mwambi wawo.

Dokotala_Wakale
A Wosaopa, Arasha eni akewo angagwirizane nanu theka. Ali ndi mawu amodzi otchuka, avosi, amene ndi ovuta kumasulira, ali ngati kunena kuti mwina zingoyenda, tiyeni tingochita. Amadzinena okha kuti ndi anthu odalira avosi, ndipo amanenanso kuti wosaika moyo pachiswe samwa shampeni. Ndiye musaganize kuti ndi mtundu wa anthu oyeza ka 7 tsiku lililonse. Ine ndimaona ngati mwambiwu unakhalitsa chifukwa choti amadziwa chizolowezi chawo. Komanso werengani mpaka kumapeto, mawu omaliza ndi lamulo lakuti dula. Mphunzitsi wathu wina wa opaleshoni ankakwiya ndi wophunzira wothamangira mpeni, koma ankakwiya chimodzimodzi ndi amene wayamba kucheka kenako dzanja nkumanjenjemera, kuima, kuyambiranso. Kukaika konse kuthere ku mbali ya kuyeza.

Anaphiri_Atelala
Zoona adokotala. Nsalu yodulidwa mwamantha imaoneka, m'mphepete mwake mumakhala mano mano ngati yadyedwa ndi mbewa. Ukayamba, sizasi iziyenda motalika.

Wosaopa_265
Koma nkhani ya poloti simunaiyankhe. Nsalu imakudikira pa tebulo, siithawa. Poloti imathawa.

Bambo_a_Tadala
Ndipo ena anathamangira poloti nkupeza kuti inagulitsidwa kwa anthu atatu. Amene uja anataya mwayi koma ndalama ali nazo m'thumba. Wothamangayo alibe zonse ziwiri.

Wosaopa_265
Ndalama zake zinatha mphamvu ali chiyezere, pano sangagule ngakhale theka la poloti ija. Musamanene ngati kudikira ndi kwaulere.

Kalipentala_Ndirande
Apa a Wosaopa ali ndi mfundo. Koma miyezi inayi anayeza chiyani? Ngati anaona mapepala, anafunsa amfumu ndi oyandikana nawo, anaona malire, zimenezo ndi za sabata imodzi kapena ziwiri. Zotsalazo amangobwereza tepi yomweyo chifukwa cha mantha. Ine ndikayeza kachitatu nkupeza palibe chatsopano, ndimatenga sowo.

Wosaopa_265
Mwina. Koma pali zinthu zina zoti ngakhale sabata imodzi mulibe.

Chimwemwe_Area25
Ndipatuke pang'ono, Mphwanga kukuzizira bwanji kumeneko? Ufa ukuupeza?

Mphwanga_wa_ku_Kazan
Chisanu chayamba kale achimwene, mdima ukumagwa msanga kwambiri. Nsima tikuphikira ufa wa tirigu wokhakhala uja amati manka, imagwirana ndithu koma si yakwathu.

Dokotala_Wakale
Manka inatisunga ifenso. Gula nsapato zabwino za chisanu usanagule china chilichonse, ndipo utenge zokulirapo kuti sokosi zokhuthala zilowe.

Ndibwerere pa tepi ya a Jojo chifukwa yandikumbutsa china chimene ungaonjezere m'kalasi. Kale nsalu ku Rasha inkayezedwa ndi arshini, ndodo ya pafupifupi 71 sentimita, mpaka boma la Soviet litalamula mamita mu 1918. Amalonda ankadziwika ndi kubera pa muyezo, ena pokoka nsalu poyeza, ndipo mpaka lero pali chonena chakuti kuyeza ndi arshini yako, kutanthauza kuweruza anthu ena potengera mmene iwe ulili. Ndiye wogula nsalu pa msika anali ndi chifukwa chake choonetsetsa kangapo wamalonda asanadule.

Anaphiri_Atelala
Kukoka nsalu poyeza ndiye kulipo mpaka pano, makamaka nsalu zotamuka. Ukafika kunyumba mamita atatu asanduka awiri ndi theka ndi kanthu. Ine ndimapita ndi tepi yanga ndipo ndimati aiyale pa tebulo.

Gogo_Nachisale
Ndawerenga zonse. Mwana wanga, mwambi wofanana ndendende sindikuupeza m'mutu mwanga, ndipo si vuto kukanena choncho m'kalasi. Koma ine ndikanapereka safunsa anadya phula. Chifukwa pa nkhani zonse zanenedwa panozi, katani yako, diresi la a Jojo, ndalama ya mtsikanayu, panali munthu kapena chinthu pafupi choti chikanakuuzani. Mayi a pakhomo aja ukanawaonetsa nsalu usanadule akanakuuza za chitsulo chopachika.

Bambo_a_Tadala
Agogo, koma wa phula ndi wa kufunsa ena, uwu ndi wa kudzifunsa wekha.

Gogo_Nachisale
Nchifukwa chake ndati si ndendende. Iwo akuti bwereza wekha, ife timati itana mnzako aone. Akanene zonse ziwiri, aphunzitsiwo asankhe okha.

Jojo_wa_ku_Joni
Telala uja ndamuimbira. Akuti anadabwadi ndi manambalawo koma anaganiza kuti diresilo ndi la mwana wa mlongo wanga, anachita manyazi kufunsa. Tepi ija ndaitaya.

Mphwanga_wa_ku_Kazan
Zikomo nonse. Ndikanena za primyer ndi atryez, chitsanzo cha tepi ya a Jojo ngati alola, kenako safunsa anadya phula ndi ndionetsetse anathetsa nkhosa, ndione kuti anzanga a m'kalasi agwera mbali iti. Anaphiri, funso lomaliza, katani ija ingapulumuke? Yaperewera pafupifupi 30 sentimita ndikawerengera zopinda, ndipo nsalu yotsala ndi kachidutswa ka 20 basi.

Anaphiri_Atelala
Ka 20 ko sikakwana, ndipo ukalumikiza nsalu yofanana msoko umaonekera dzuwa likawala kuseri. Gula theka la mita la mtundu wina woderapo, uike ngati mkombero pansi, anthu adzaona ngati unachita dala. Pachika kaye katani ilipoyo utapinda pamwamba, uyeze kuchokera pamene yathera kufika pamene ukufuna, uonjezere 2 sentimita ya msoko wolumikiza, 1 ku nsalu iliyonse, ndi 8 yopinda pansi. Yatsopanoyo uichape kaye. Unditumizire nambala imene wapeza usanadule.